Kuchotsa siii ndi mmmm pa mawu omwe mwajambula

Khutu la munthu limasankha zomva. Mukakhala m'chipinda mukucheza ndi agogo, simuimva filiji ikulira pakona, simulimva babu lalitali likung'ung'uza kudenga. Maikolofoni ilibe luso limeneli, imatola chilichonse. N'chifukwa chake atolankhani ambiri, ophunzira ochita kafukufuku ndi anthu ojambula mbiri ya makolo awo amadzidzimuka akafika kunyumba n'kuvala mahedifoni. Mawu a agogo alimo ndithu, koma pansi pake pakumveka siii wosalekeza, ndipo pansi pa siii ameneyo pali mmmm wolemera amene amatopetsa mutu pakangotha mphindi zochepa.

Maphokoso awiriwa amachokera kosiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Amene amawaphatikiza n'kuwathira mankhwala amodzi ndi amene amatulutsa mawu omveka ngati munthu akulankhulira pansi pa madzi.

Siii amabadwira m'kati mwa zipangizo zojambulira momwemo. Maikolofoni iliyonse ndi kachipangizo kokweza mawu kamene kali m'foni kapena m'laputopu zimapanga kaphokoso kakeko, kofalikira paliponse kuyambira pa mawu a besi mpaka pa mawu opyapyala kwambiri. Munthu akamalankhulira pafupi ndi maikolofoni, mawu ake amakaphimba. Akakhala patali, kapena akamalankhula motsitsa ngati mmene amachitira anthu achikulire, mumakakamizika kukweza mawu, ndipo siii amakwera nawo limodzi.

Mmmm amachokera ku magetsi. Magetsi a pakhoma amasinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi iliyonse m'Malawi, ku Zambia, ku Mozambique, ku South Africa ndi ku Britain, ndipo pakompyuta zimenezi zimalembedwa kuti 50 Hz. Kugwedezeka kumeneku kukalowa m'waya wa maikolofoni, kawirikawiri kudzera m'tchaja ya laputopu kapena m'waya amene wagona pafupi ndi nthambo za magetsi, kumamveka ngati liwu limodzi lotsika losasintha. Sikayenda kokha kaliwu kameneka. Nthawi zambiri kamabwera ndi ana ake pa 100, 150, 200 ndi 250 Hz, kuwonjezera 50 nthawi iliyonse. Ku America magetsi amayenda pa 60 Hz, choncho malangizo ambiri a pa intaneti amatchula 60, 120 ndi 180. Mukawatsatira mwachimbulimbuli pa mawu ojambulidwa ku Dedza, mudula pamalo polakwika ndipo mmmm atsala ali chilili.

Popeza mmmm amakhala pamalo ochepa odziwika, timamuchotsa pomuboola pamalo pomwepo. Siii ali ponseponse, ndiye sitingamuboole, timangomutsitsa. Ndipo timayamba ndi mmmm.

Pulogalamu imene tigwiritse ntchito ndi Audacity. Ndi yaulere, inatuluka koyamba m'chaka cha 2000 kuchokera kwa Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg a ku yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, ndipo imagwira pa makompyuta a Windows, macOS ndi Linux. Pafoni siigwira, choncho mawu ojambulidwa pafoni muyenera kuwasamutsira pakompyuta. Mafoni ambiri amasunga mawu m'mafayilo othera ndi .m4a, ndipo Audacity imafuna kaye pulogalamu yothandizira yotchedwa FFmpeg kuti iwatsegule. Mukaona ikukana fayilo yanu, vuto limakhala limeneli nthawi zambiri.

Tiyerekeze kuti mwacheza ndi agogo aamuna kwa mphindi 40, m'nyumba ya magetsi, maikolofoni ya waya yolumikizidwa ku laputopu imene inali pa tchaja. Musanakhudze kalikonse, koperani fayiloyo muisunge pena. Mudzaifuna tsiku limene mudzazindikire kuti munapyola muyeso, komanso ngati zimene ananena agogowo zidzatsutsidwe ndi wina, fayilo yosakhudzidwa ndiyo mboni yanu. Kenako tsegulani inayo mu Audacity, valani mahedifoni otseka makutu onse. Masipika a laputopu satulutsa mawu otsika ngati 50 Hz, ndiye mukhoza kuganiza kuti mmmm kulibe pamene womvera pa wailesi yaikulu akumumva bwinobwino.

Chinthu choyamba kufufuza ndi kachigawo kamene palibe akulankhula. Pa chithunzi cha mawu chimene Audacity imaonetsa, malo otere amaoneka ngati kamzere kopyapyala pakati pa mapiri. Mukufuna masekondi awiri kapena atatu a phokoso lokhalokha, opanda kupuma kwa munthu, kukhosomola, kukwekwesa kwa mpando kapena nkhuku yakunja. Sankhani kachigawoko pokoka mausi, kamvetsereni kangapo mawu mutakweza. Kachigawo kameneka ndi kamene ntchito yonse itsamirepo, choncho musakasankhe mothamanga.

Kachigawoko kali chisankhire, pitani pa Analyze, dinani Plot Spectrum. Patuluka chithunzi choonetsa mphamvu ya phokoso, mawu otsika ali kumanzere, okwera ali kumanja. Pa Size sankhani 16384 ndipo pa Axis sankhani Log frequency, apo ayi mbali yakumanzere imapanikizana moti simungaone kanthu. Siii amaoneka ngati chigwa chotambalala. Mmmm amaoneka ngati minga yoima pamwamba pa chigwacho. Mukaika mausi pa munga, pansi pa chithunzi pamene palembedwa Peak pakuuzani nambala yake. Pa nkhani ya agogo athu, tinene kuti tapeza munga wautali pa 50 Hz, wina wocheperapo pa 150 Hz, ndi kena kakang'ono pa 100 Hz. Lembani manambala amenewa papepala. Ndi okhawo amene mudule, osati onse amene munawerenga kuti amakhalapo.

Tsopano sankhani mawu onse ndi Ctrl+A, pitani pa Effect, pezani Notch Filter, imene m'Audacity ya masiku ano ili pansi pa EQ and Filters. Ili ndi mabokosi awiri okha. Pa Frequency (Hz) mupeza palembedwa kale 60, fufutani mulembe 50. Bokosi lachiwiri, la Q, ndi limene limasokoneza anthu, chifukwa limayenda chobwerera: nambala ikakula, bowo limachepa. Kukula kwa bowo mumakupeza pogawa nambala ya Frequency ndi nambala ya Q. Q ya 1, imene pulogalamuyi imabwera nayo, pa 50 Hz ikumba bowo lotambalala 50 Hz. Q ya 10 ikumba bowo la 5 Hz basi. Pa 50 Hz bowo lalikulu siliwononga zambiri, chifukwa mawu a munthu safika pansi chonchi. Mavuto amayamba pa 100 ndi 150 Hz. Liwu la mwamuna wamkulu limayambira cha pakati pa 85 ndi 180 Hz, la mkazi cha pakati pa 165 ndi 255 Hz. Mukadula pa 150 Hz ndi Q ya 1, mwachotsa chifuwa chonse cha agogo, ndipo amveka ngati akulankhula pa foni yakale.

Ndiye pa 50 Hz ikani Q ya 10, dinani Preview mumve masekondi ochepa, ndipo mukakhutira tsimikizani. Tsegulaninso Notch Filter, lembani 150 ndi Q ya 30, limene ndi bowo la 5 Hz lomwelo. Kamunga ka pa 100 Hz kamvetsereni kaye. Ngati sikakumveka mmmm wamkulu atachoka, kasiyeni. Bowo lililonse limatengako kanthu pa liwu la munthu, ndipo kudula chinthu chimene khutu silikumva n'kungoluza. Musatengekenso n'kukweza Q mpaka 100 poganiza kuti bowo laling'ono ndiye labwino nthawi zonse. Bowo likachepa kwambiri, sefayo imayamba kulira yokha kaliwu kotsalira pambuyo pa mawu amphamvu, komanso magetsi sakhala pa 50 yeniyeni mphindi iliyonse, amasunthako pang'ono, ndipo mmmm amatha kuthawa m'kabowo kothina.

Apa pali kusiyana kwakukulu ndi jenereta. Jenereta yaing'ono imathamanga kapena kufooka malinga ndi katundu amene yasenza, ndiye mmmm wake akhoza kukhala pa 52 Hz pano, pa 49 Hz wina akayatsa ayironi. Pa Plot Spectrum munga wake umaoneka wonenepa m'malo mosongoka. Zikatero tsitsani Q, mwina kufika pa 5, kapena gwiritsani ntchito High-Pass Filter, imene imatsitsa zonse za pansi pa nambala imene mwalemba. Ikani 80 pa Frequency (Hz) ndi 24 dB pa Roll-off. Sefa imeneyi imathandizanso pa kugunda kwa galimoto yodutsa patali ndi kugwedezeka kwa tebulo, ndipo kwa wolankhula wamkazi mukhoza kuikweza kufika pa 100 osataya kanthu kodandaulitsa. Koma kulira kwa injini ya jeneretayo, kumene kwalowa m'maikolofoni kudzera pawindo, ndi nkhani ina, kumafika m'mwamba momwe muli mawu a munthu ndipo sefa imeneyi siikukhudza.

Mmmm atachoka, bwererani ku kachigawo kanu ka chete kaja, kamvetsereninso. Muona kuti siii tsopano akumveka kwambiri kuposa poyamba. Sanakule, wangotsala yekha.

Chida chotsitsira siii ndi Noise Reduction, chimene chili pa Effect pansi pa Noise Removal and Repair. Chimagwira ntchito kawiri, ndipo ambiri amene amati sichigwira amakhala atachita kamodzi. Ulendo woyamba mumachiphunzitsa phokoso. Sankhani kachigawo ka chete kokhako, tsegulani Noise Reduction, dinani Get Noise Profile. Bokosilo litsekeka ndipo simuona chilichonse chitasintha. Palibe chalakwika. Pulogalamuyo yagawa phokosolo m'timizere toposa 1,000, kuyambira totsika mpaka tokwera, n'kusunga mphamvu ya phokoso m'kamzere kalikonse. Ulendo wachiwiri, mukasankha mawu onse n'kutsegulanso Noise Reduction, imayenda m'kujambula konse n'kumafunsa pa kamzere kalikonse, kanthawi kalikonse: zimene zili apa zikuposa phokoso lija? Ngati zikuposa, imati ndi munthu, imazisiya. Ngati sizikuposa, imazitsitsa.

Mukamvetsa zimenezi, mwamvetsanso chifukwa chake tinayamba ndi mmmm, ndi chifukwa chake Get Noise Profile imadinidwa mmmm atachoka kale. Chitsanzo cha phokoso chiyenera kufanana ndi phokoso limene latsala m'fayilo pa nthawiyo. Mwamvetsanso chifukwa chake kupuma kwa agogo sikuyenera kulowa m'chitsanzocho. Pulogalamuyo ilibe nzeru yosiyanitsa, idzaphunzira kuti mpweya wa munthu ndi phokoso, ndipo idzausaka m'mawu onse.

Pali manambala atatu oti muike. Noise reduction (dB) ndi muyeso wa mmene phokoso litsikire. Kutsitsa ndi 6 dB kumadula msinkhu wa phokosolo pakati, 12 dB kumalisiya pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Bokosilo limalola mpaka 48, ndipo chiyeso chokokera kumapeto n'chachikulu, koma pa mawu a munthu ine sindipyola 12 kawirikawiri. Kwa agogo athu yambani ndi 9. Sensitivity imanena kuti pulogalamuyo ikhale yokayikira motani. Mukaikweza, zinthu zambiri imaziyesa phokoso, kuphatikizapo mathero a mawu. Mukaitsitsa, tizidutswa ta phokoso timapulumuka apa ndi apo n'kumamveka ngati timabelu tolira patali. Isiyeni pa 6 poyamba. Frequency smoothing (bands) imasalaza kusiyana pakati pa timizere toyandikana kuti timabelu timeneti tisamveke, ndipo pa zokambirana nambala ya pakati pa 3 ndi 6 imagwira bwino.

Pansi pa manambalawa pali mawu awiri, Reduce ndi Residue. Kwa ine Residue ndi chida chofunika koposa m'bokosi lonseli, ngakhale ambiri sachikhudza. Mukasankha Residue n'kudina Preview, simumva mawu oyeretsedwa, mumamva zimene pulogalamuyo ikufuna kutaya. Ngati mukumva siii yekhayekha, wodukaduka pamene agogo akulankhula, zili bwino. Ngati mukumva tizidutswa ta liwu lawo, ndipo makamaka ngati mukutha kutola mawu amene akunena, ndiye kuti mukutaya agogo pamodzi ndi zinyalala. Tsitsani Sensitivity kufika pa 4 kapena 5, yesaninso. Kuti Preview ikuthandizeni, kusankha kwanu kuyambire pamene pali kulankhula, chifukwa imangoimba masekondi oyambirira a zimene mwasankha. Ndipo musaiwale kubwezera pa Reduce musanatsimikize. Mukaiwala, mutsala ndi mphindi 40 za phokoso lokhalokha, ngakhale Ctrl+Z ikubwezerani zonse.

Mawu amene amavulala msanga ndi amene amafanana ndi siii mwachibadwa: s, f, ts, ps, ndi kampweya kamene kamatsatira ph, th ndi kh. M'Chichewa kampweya kameneka kamanyamula tanthauzo. Kakafooka, "anaphonya" amayandikira "anaponya", ndipo nkhani ya mlenje yasintha. Choncho mukatha kuyeretsa, musayese ntchito yanu pamalo pamene agogo akuseka kapena kukweza mawu. Pitani pamene akulankhula motsitsa, kumathero kwa chiganizo, pamene liwu likuzilala, mumve ngati zilembo zomaliza zikadalipo. Mverani masekondi khumi a fayilo yoyamba ija, kenako masekondi omwewo m'fayilo yoyeretsedwa, mosinthanasinthana. Khutu limazolowera msanga, ndipo pakatha theka la ola mukumvetsera mawu owonongeka mumayamba kuwayesa abwino.

Kodi siii achoke yense? Ayi. Chete wathunthu pakati pa mawu amamveka wachilendo, ngati wailesi ikuzima n'kuyakanso, ndipo siii wotsalira pansi pa liwu amaonekera kwambiri akamabwera ndi kuchoka ndi chiganizo chilichonse. Siii wochepa wosasintha omvera amamuiwala m'mphindi imodzi. Ngati 9 dB sinakwane, kwezani kufika pa 12. Ngati pa 12 liwu layamba kumveka lachitsulo kapena lamadzimadzi, bwererani pa 9 n'kuvomereza zotsalazo. Ena amakonda kuyeretsa kawiri pang'onopang'ono, 6 dB ulendo uliwonse, akutenganso Get Noise Profile watsopano asanachite kachiwiri. Ndi njira yoyenera kuyesa pa fayilo yovuta, koma kuvulala kwa liwu kumaunjikana ulendo uliwonse, choncho kachitatu musafikeko.

Pali msampha umodzi umene umagwira anthu ngakhale atachita zonsezi molondola. Phokoso limasintha m'kati mwa kucheza. Tinene kuti pa mphindi ya 23 filiji ya agogo inayaka n'kulira mpaka pa mphindi ya 31. Chitsanzo chimene munatenga koyambirira sichikuidziwa filijiyo, ndiye chigawo chimenecho chitsala chaphokoso. Mukatenga chitsanzo filiji ikulira n'kuchigwiritsa ntchito ponseponse, mudya liwu m'malo amene munalibe vuto. Njira yake ndi kugawa ntchito: mphindi 23 zoyamba ndi 9 zomaliza ziyeretsedwe ndi chitsanzo choyamba, mphindi 8 zapakati ndi chitsanzo chotengedwa m'kati mwa mphindi zomwezo. Chimodzimodzi ngati magetsi anazima pakati pa kucheza. Kuyambira pamenepo mmmm kulibe, ndipo palibe chifukwa choboola liwu la munthu pa 150 Hz m'chigawo chimene mulibe choti muchotse.

Mafoni ali ndi vuto lawolawo. Ambiri amadzikwezera mawu okha pakakhala chete, n'kutsitsa munthu akayamba kulankhula. Mumazindikira zimenezi mukamva siii akukwera pang'onopang'ono wolankhula akasiya. Chitsanzo chotengedwa kumapeto kwa chete wautali chimakhala champhamvu kuposa phokoso limene lili pansi pa mawu, ndipo chimapangitsa pulogalamuyo kudula mopyola. Pa fayilo yotere tengani chitsanzo m'kampata kafupi, munthu atangosiya kulankhula, ngakhale kakhale theka la sekondi.

Noise Reduction imathana ndi phokoso losasintha lokha. Tambala wolira, mwana woitana amake, njinga yamoto ya kabaza yodutsa pamsewu, nyimbo za pa bawo yoyandikana, zonsezi siizitha, chifukwa palibe chitsanzo chimodzi chimene chingaziyimire. Zikagwa pakati pa ziganizo, mukhoza kuzidula. Zikagwa pamwamba pa mawu, zakhala mbali ya kujambulako. Kubwerera kwa mawu m'chipinda chopanda katundu, monga kalasi kapena tchalitchi, siimakuchotsanso, ndipo mawu osweka chifukwa chojambula mokweza kwambiri siimawalumikiza.

Mukakhutira, m'pamene mungakweze mawu onse ndi Normalize, pa -1 dB kapena kutsikirapo pang'ono, kenako File, Export Audio. Sungani fayilo ya WAV ngati yanu yaikulu, ndipo MP3 mupange kuchokera pa iyoyo mukafuna kutumiza. Kusunga pulojekiti ndi Save Project kumapanga fayilo ya .aup3 imene imatseguka mu Audacity mokha, ndiye musatumize imeneyo kwa mkonzi.

Zambiri mwa ntchito imeneyi zikanapeweka m'nyumba ya agogo muja. Kuzula tchaja n'kujambula pa batire kumathetsa mmmm wambiri asanalowe n'komwe. Kuyandikitsa maikolofoni kumathandiza kuposa sefa iliyonse: mukachepetsa mtunda ndi theka, kuchoka pa masentimita 60 kufika pa 30, liwu limakwera ndi pafupifupi 6 dB pamene siii wa m'zipangizo wakhala pomwepo, ndipo mukafika pa masentimita 15 mwapeza pafupifupi 12 dB, muyeso womwe uja timavutikira pakompyuta, popanda kuvulaza chilembo ngakhale chimodzi. Ndipo musanafunse funso loyamba, pemphani onse m'chipindamo akhale chete masekondi 15 makina akujambula, maikolofoni ili pamalo pomwe ikhale nthawi yonse. Bwerezaninso kumapeto, kapena nthawi iliyonse imene filiji yayaka.